Kalata ya Abusa kwa Wodwala: Kulimbikitsa Popanda Kunama

Mwezi uno ndiyamba ndi kuulula cholakwa changa. M'mwezi wa Disembala chaka cha 2023 ndidapita kukazonda mkhristu wina wa m'dera langa, bambo wa zaka 58, mlimi wa chimanga ndi mtedza. Adali atagona pakhonde, phazi lamanzere atalikulunga ndi nsalu. Poona kuti nkhope yao yagwa, ndidawauza molimba mtima kuti, "Musadandaule bambo, pofika chaka chatsopano mudzakhala mukupalira m'munda mwanu." Ndidabwerera kwathu mtima uli m'malo, poganiza kuti ndagwira ntchito ya mkulu wa mpingo.

Chaka chatsopano chidawapeza ali pa bedi m'chipatala chachikulu, mtunda wa makilomita 70 kuchokera kumudzi, ndipo madokotala adali atawauza kuti mwendowo uyenera kudulidwa m'munsi mwa bondo. Pamene abusa athu adandipatsa kalata kuti ndikapereke kwa bamboyo, popeza ndidali ndi ulendo wa ku tauni, ndidachita manyazi kukaonana nao. Ndidadzifunsa kuti: kodi mau anga aja ndidawatenga kuti? Mulungu sadandiuze, dokotala sadandiuze. Ndidangowanena chifukwa chete adandilemera.

Kalata imene ndidanyamula tsiku limenelo idandiphunzitsa zimene ndidayenera kudziwa kalekale. Abusa ndi banja la wodwalayo andilola kuilemba pano, ndipo ndachotsamo maina onse.

Chimene chidawagoneka

Tiyambe ndi nthendayo, pakuti munthu sangalembe kalata yoona kwa wodwala ngati sadziwa chimene chamugoneka. Bamboyu adakhala ndi matenda a shuga zaka zingapo. Shuga akachuluka m'magazi nthawi yaitali amaononga mitsempha ya kumapazi, kotero kuti phazi limachita dzanzi ndipo munthu samva kupweteka akalasidwa. Magazinso sayenda bwino kufika ku zala, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Iwo adaponda chisonga kumunda osazindikira. Podzaona, chilonda chidali chitanyeka, zala ziwiri zitada bii, fungo litayamba, ndipo thupi lidali kutentha. Zikafika pamenepo mnofu umene wafa subwereranso, ndipo chivundicho chikalekeredwa chimakwera, n'kulowa m'magazi, n'kupha munthu. Ndicho chifukwa chake madokotala amadula mbali yakufayo kuti apulumutse munthu yense.

Koma bamboyu adakana kusaina pepala lovomereza opaleshoni. Masiku anai adapita. Alendo ena odzapempherera odwala m'wodimo adawauza kuti akasala kudya masiku atatu ndi kukhulupirira kolimba, mpeni sudzawakhudza. Achimwene ao akumudzi adatumiza mau akuti munthu wa mtundu wao sadulidwa chiwalo. Akazi ao, amene adali kuwadikirira, kugona pansi ndi kuphika ku khichini ya odikirira odwala, adasowa chochita, ndipo adaimbira foni abusa.

Abusa sadathe kunyamuka tsiku lomwelo. Mpingo wathu uli ndi nyumba za mapemphero zambiri, maliro adali atagwa, ndipo mvula idali itaononga msewu. Tsono asanagwire cholembera adafunsa mayiwo mafunso atatu pa foni. Loyamba, kodi dokotala wanena chiyani kwenikweni? Lachiwiri, kodi bambo auzidwa zonse, kapena pali zina zimene mwawabisira? Lachitatu, kodi usiku akasowa tulo amadandaula za chiyani? Funso lachiwirilo nlofunika koposa, chifukwa kalata ya abusa siyenera kukhala yoyamba kuululira munthu mbiri ya nthenda yake. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala ndi abale. Yankho la funso lachitatu lidali lakuti bamboyo amadandaula za munda umene udali usanabandiridwe, za fizi ya mwana wao wamkazi wa Fomu 2, ndiponso amafunsa kuti adachimwa chiyani.

Kalatayo

Ndidawapeza madzulo pa nthawi yoona odwala. Maso ao adali kuona mwachimbuuzi, monga zichitikira ambiri odwala shuga, tsono adandipempha kuti ndiwawerengere. Ndidakokera mpando pafupi ndi mutu wao, ndipo ndidawerenga motsitsa mau. Kalatayo idati:

"Okondedwa bambo mwa Ambuye,

"Moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndalemba kalatayi Lachiwiri usiku, nditayankhula ndi mayi pa foni. Ndikadakonda kukhala pafupi ndi bedi lanu, koma ndalephera, ndipo sindifuna kuti mudikire kufikira nditabwera musanamve mau anga.

"Ndamva zimene madokotala akuuzani. Ndi mau olemera, ndipo sindikuuzani kuti ndi nkhani yaing'ono. Mwendo umenewo wakuyendetsani kumunda, kumaliro ndi ku tchalitchi zaka zonsezi. Ngati mwalira, simunalakwe. Ngati muli ndi mantha, chikhulupiriro chanu sichinathe.

"Bambo, ine sindidziwa ngati mwendowo upulumuka, ndipo sindingakulonjezeni chimene Mulungu sadandiuze. Ndapempha kuti akuchiritseni, ndipo sindileka kupempha, pakuti Iye akhoza. Koma mukumbukire anyamata atatu aja a pa Danieli 3. Adadziwa kuti Mulungu akhoza kuwalanditsa m'ng'anjo, komabe adanenetsa kuti ngakhale asawalanditse, iwo sadzamusiya. Chikhulupiriro chotere ndicho ndikukupemphererani.

"Ndamva kuti mukufunsa chimene mudachimwa. Tonse ndife ochimwa, koma ine ndilibe mphamvu yonena kuti chilondachi ndi chilango, ndipo palibe munthu m'wodimo kapena kumudzi amene ali nayo. Ophunzira atafunsa funso lotere za munthu wosaona chibadwire, pa Yohane 9, Ambuye adakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake. Ngati pali kanthu kamene kakulemerani mumtima, tidzakambirana awiriwiri ndikabwera, ndipo chikhululukiro cha Khristu nchokwanira.

"Za kusala kudya, ndikupemphani monga mbusa wanu kuti musasale. Munthu wolandira jakisoni wa shuga akaleka kudya akhoza kukomoka, ngakhale kufa kumene. Idyani chimene anamwino akulolani, pa nthawi yake. Ngati kusala kufunika, tisala ndife amene tili bwino.

"Za pepala lija, dzanja losaina ndi lanu, ndipo sindikukakamizani. Koma mwina mufuna kudziwa maganizo anga, ndipo sindibisa. Kuvomera opaleshoni si kukana Mulungu. Moyo wanu ndi woposa mwendo, ndipo mayi ndi ana akufuna inuyo. Dokotala akabwera mawa m'mawa, mufunseni mafunso awa, mayi ali pomwepo: Chidzachitika nchiyani ndikadikira sabata ina? Mudzadula pati? Mudzandipatsa chiyani choletsa ululu? Ndidzaphunzira bwanji kuyendanso? Mukamva mayankho, musachedwe kugamula, chifukwa nthendayi siidikira. Mawa ndipita kwa achimwene anu kukawafotokozera zimenezi, monga mayi andilola.

"Tsono imvani zimene tingathe ife. Loweruka lino achinyamata 12 ndi akulu a mpingo awiri adzabandira munda wanu wa kudambo, ndipo feteleza amene ali m'nyumba mwanu adzathiridwa tsiku lomwelo. Amayi a Chigwirizano atumiza ufa, nyemba ndi nkhuni za masabata awiri, ndipo mmodzi wa iwo adzabwera Lolemba kudzalandira mayi kuti akapume masiku atatu. Fizi ya mwana ya teremu ino atumiki alipira. Za teremu yamawa sitinagwirizane, tsono sindilonjeza, koma nkhaniyo ndidzaitula pa bwalo la akulu a mpingo. Ine ndidzabwera Lachinai la sabata yamawa pamodzi ndi akulu awiri, ndipo achipatala akalola tidzadya Mgonero wa Ambuye pa bedi lanu. Maliro akandigwira ndidzakutumizirani mau tsiku lisanafike.

"Chotsiriza ndi ichi, ndipo ndichinena wosakayika konse. Ndinu ake a Khristu, amene adakugulani ndi mwazi wake. Mukalowa m'chipinda cha opaleshoni simulowa nokha. Mukatuluka ndi miyendo iwiri ndinu ake, mukatuluka ndi umodzi ndinu ake, ndipo ngakhale imfa ilibe mphamvu yakukulandani m'dzanja lake. Wina akuwerengereni Aroma 8 kuyambira ndime 31 kufikira kumapeto. Tulo tikasowa ndipo mau opempherera akatha, ingotchulani dzina lake, akumva.

"Simuyenera kuyankha kalatayi. Pumulani.

"Ine mbusa wanu ndi mbale wanu mwa Khristu."

Nditatha kuwerenga, bamboyo adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati, "Aphunzitsi, bwerezani paja pa munda." Ndidabwereza. Adatinso, "Ndi paja akuti sadziwa." Ndidabwerezanso. Ndipo adati, "Aliyense wobwera pano akudziwa za mwendo wanga. Abusa okha ndiwo sadziwa. Amenewo ndiwamvera."

Milu itatu ya mau

Ine ndine mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo ndidazolowera kuwaphunzitsa kusankhula nyemba, mtedza ndi chimanga, chilichonse pa mulu wake. Nditaiwerenga kalatayi kangapo ndidaona kuti abusa adachita chimodzimodzi ndi mau ao. Adawagawa milu itatu, ndipo sadalole kuti isakanikirane.

Mulu woyamba ndi wa zinthu zimene adziwa Mulungu yekha. Kodi mwendo upulumuka? Kodi munthuyu atuluka liti? Kodi nthendayi yadzeranji iyeyu osati mnzake? Pa zimenezi abusa adati, "Sindidziwa." Ambirife timaopa mau amenewa, poyesa kuti mtumiki wa Mulungu akawanena ndiye kuti wagonja. Koma taonani chimene chimachitika tikalonjeza machiritso. Wodwala akapanda kuchira amatsala ndi maganizo awiri okha: kapena Mulungu wanama, kapena iye mwini alibe chikhulupiriro. Onse awiriwo ndi katundu woposa nthenda. Ndipo pali choopsa china chimene tidachiona ndi maso pa bamboyu: lonjezo lopanda pake limachedwetsa munthu kulandira thandizo. Masiku anai aja chivundi sichidaime kudikira kuti kusala kuthe.

Wina adzati, nanga Yakobo 5 sanena kodi kuti akulu a mpingo apempherere wodwala ndipo adzauka? Inde, ndipo chifukwa cha mau amenewo timapemphera molimbika, osati mongokwaniritsa mwambo. Koma Buku lomwelo litiuza pa 2 Akorinto 12 kuti Paulo adapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake uchoke, ndipo sudachoke; adalandira chisomo chakuupirira. Paulo yemweyo, amene Mulungu adachiritsa anthu ambiri mwa iye, adasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto, monga tiwerenga pa 2 Timoteo 4:20. Kupempha ndi kwathu, kugamula nkwa Mulungu. Mbusa anene kuti, "Ndikupempha kuti muchire," pakuti zimenezo nzoona. Koma akati, "Muchira ndithu," wadziika pa mpando umene suli wake.

Mulu wachiwiri ndi wa zinthu zimene Mulungu adalonjeza poyera: kuti sasiya anthu ake, kuti amakhululukira wolapa, kuti imfa si mapeto. Apa abusa sadanene kuti "mwina" kapena "tiyembekeze." Adanena monenetsa. Pali alembi ena amene, poopa kunama, amafewetsa zonse, ndipo kalata yao imatuluka yozizira ngati chikalata cha ku ofesi. Kumenekonso nkulakwa. Munthu amene wanena moona kuti sadziwa za mwendo amakhulupirika akanena kuti adziwa za Khristu. "Sindidziwa" uja ndiye adapatsa mphamvu ndime yotsiriza ija. Onaninso kuti abusa sadaunjike mavesi. Adatchula malo atatu okha, ndipo lililonse lidayankha funso limene wodwalayo adali nalo kale. Munthu amene thupi likutentha sangasenze ulaliki.

Mulu wachitatu ndi wa zinthu zimene zili m'manja mwathu: munda, ufa, fizi, ulendo. Apa ndi pamene ife a mpingo timanama kawirikawiri osazindikira. Timati, "Musadere nkhawa za kunyumba, mpingo uona." Kodi mpingo ndani? Uona liti? Akulu adati pepani sapoletsa chilonda. Abusa adatchula tsiku, chiwerengero cha anthu ndi munda wake. Ndidamva pambuyo pake kuti asanalembe ndimeyo adayamba atumiza mnyamata pa njinga kwa mtsogoleri wa achinyamata, kwa amayi a Chigwirizano ndi kwa msungichuma, ndipo adalemba zokhazo zimene anthuwo adavomera. Pamene thumba lidalekezera, pa fizi ya teremu yamawa, adanena kuti lalekezera pamenepo. Paja amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Munthu asalonjeze asanawerenge chimene ali nacho.

Njira imeneyi si yatsopano. Pa Yeremiya 28 ndi 29 tiwerenga za Ayuda amene adatengedwa ukapolo kunka ku Babulo. Mneneri Hananiya adalalika ku Yerusalemu kuti pasanathe zaka ziwiri onse adzabwerera. Yeremiya adalembera akapolowo kalata yowauza kuti zidzapita zaka 70, tsono amange nyumba, alime minda, akwatitse ana ao, ndipo Mulungu sadawaiwale. Mau a Hananiya adali okoma m'khutu, koma kalata ya Yeremiya ndiyo idapatsa anthu chochita m'mawa mwake.

Kalata ya m'wodi si ya munthu mmodzi

Pali zina zing'onozing'ono zimene wolemba ayenera kukumbukira, ndipo zichokera pa mmene wodi ikhalira. Mabedi amakhala moyandikana, ndipo kalata kawirikawiri imawerengedwa mokweza ndi mkazi, mwana, kapena wodikirira wodwala wa bedi lina. Chimene mwalemba chidzamveka kwa anthu asanu kapena khumi. Nchifukwa chake abusa sadatchule tchimo lililonse, ngongole, kapena mkangano wa pabanja, koma adati, "tidzakambirana awiriwiri." Pali nthenda zinanso zimene mwini wake safuna kuti zitchulidwe, ngati iye sadaitchule kwa inu, musailembe, ndipo musailengeze m'tchalitchi popanda chilolezo chake.

Kalatayo idali ya masamba awiri a kope, yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Uthenga wa pa foni ufika msanga, ndipo pa zinthu zofulumira ndi wabwino. Koma foni imatha moto, ndipo kawirikawiri imakhala ndi wodikirira. Pepala limakhala pansi pa pilo, ndipo munthu akhoza kuligwira pakati pa usiku pamene alendo onse apita. Abusa sadanyozenso alendo aja amene adalamula kusala, ngakhale achimwene a wodwalayo. Adakonza cholakwacho osatchula wolakwa, chifukwa munthu wogona pa bedi sayenera kusandutsidwa bwalo la milandu. Ndipo sadadziyese dokotala. Sadanene kuti opaleshoniyo idzayenda bwino, kapena kuti sipweteka. Adapereka mafunso oti akafunsidwe kwa amene adziwa.

Muyeso wa kalata

Tsiku lina ndidafunsa abusa kuti amadziwa bwanji kuti kalata yotere yakhoza. Adandiyankha kuti akatha kulemba amaiwerenga kawiri. Koyamba amayerekeza kuti wodwalayo wachira ndipo akuiwerenga ali kwao. Kachiwiri amayerekeza kuti wamwalira, ndipo mkazi wake waipeza m'chikwama pobwera ku maliro. Chiganizo chilichonse chimene chingasanduke bodza pa kuwerenga kwachiwiriko amachifafaniza.

Yesani muyeso umenewu pa mau anga aja a pakhonde, akuti pofika chaka chatsopano mudzakhala mukupalira. Agwa pomwepo. Yesani pa mau amene timakonda kunena, akuti "Zonse zikhala bwino," kapena "Mulungu sangalole." Agwanso. Tsono yesani pa kalata ya abusa, chiganizo ndi chiganizo. Munda udabandiridwa, munthu achire kapena asachire. Khristu adamugula, achire kapena asachire. Palibe chimene mayi wamasiye akadachiwerenga ndi kunena kuti, "Abusa adatinamiza."

Muyesowu uthandizanso pamene nthenda ili yosachizika, monga khansa imene yafalikira, pamene madokotala anena kuti chotsala nkuchepetsa ululu. Pamenepo mulu wachitatu umasintha: tilonjeza kuti sadzakhala yekha, kuti tidzathandiza kukatenga mankhwala oletsa ululu pa tsiku lake, kuti ana adzayang'aniridwa mwakutimwakuti. Koma mulu woyamba ndi wachiwiri sisintha. Sitinena tsiku la imfa, monganso sitinena tsiku la kuchira.

Mmene zidathera

Bamboyo adafunsa dokotala mafunso anai aja m'mawa mwake, ndipo adasaina tsiku lomwelo. Mwendo udadulidwa m'munsi mwa bondo. Sindinena kuti kalata yokha ndiyo idachita zimenezi. Akazi ao ndi anamwino adali atawadandaulira masiku onsewo. Achimwene ao sadakondwe, ndipo padapita miyezi asanayankhulane bwino ndi abusa. Lachinai lolonjezedwa lija maliro adagwadi. Abusa adatumiza mau Lachitatu madzulo monga adanenera, ndipo adafika Loweruka. Bamboyo sadakhumudwe, chifukwa kalata idali itawachenjeza kale. Fizi ya teremu yachitatu bwalo lidatha kulipira theka lokha, ndipo theka linalo banja lidagulitsa mbuzi.

Adatuluka m'chipatala m'mwezi wa Febuluwale 2024, akuyenda ndi ndodo ziwiri. Masiku oyambawo sadali okoma. Usiku ankamva kupweteka ku phazi limene kulibe, chinthu chimene chimachitikira ambiri odulidwa chiwalo, ndipo ena akumudzi adayamba kunong'ona za ufiti kufikira adokotala atafotokoza kuti ndi mitsempha imene ikali kutumiza uthenga ku ubongo. Shuga sadathe, mankhwala ndi a moyo wonse, ndipo phazi lotsalalo liyenera kuyang'anidwa tsiku ndi tsiku, ndiponso sayenda opanda nsapato. Kalata yachiwiri imene abusa adawalembera ali kunyumba idanena za zimenezi, ndipo nayonso sidalonjeze kuti masiku akale adzabwerera.

Ine ndidapita kukapepesa chifukwa cha mau anga a pakhonde. Adaseka, nati, "Aphunzitsi, mudanena chifukwa cha chikondi, koma usiku kuchipatala mau anu ndidawafunafuna osawapeza pogwira." Kenaka adatulutsa kalata ya abusa m'buku lao la nyimbo, itathetheka m'mapindiro, nandionetsa.

Makolo anzanga, si abusa okha amene amalemba kapena kunena mau kwa odwala. Mbusa mmodzi sangafike pa bedi lililonse, ndipo kawirikawiri ndi ife akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi inu achinyamata amene timayamba kufika. Inu anyamata ndi atsikana amene muli ndi dzanja labwino, agogo akakutumani kuti muwalembere kalata yopita kuchipatala, kapena mnzanu wa m'kwaya akagonekedwa, yambani mwafunsa chimene chikumusowetsa tulo. Mukatero lembani chimene simudziwa, chimene Mulungu adanena, ndi chimene inu mudzachita, ndipo pa chotsirizachi mutchule tsiku. Loweruka likafika, nyamulani khasu.

Ambuye akhale nanu nonse kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.